Asitigimatizimu: chifukwa chake chimbuuzi sichichoka ngakhale musendere pafupi, ndi momwe galasi la silinda limachichotsera

Wophunzira amene saona bwino patali ali ndi pothawira. Akakhala pa desiki yakutsogolo, kapena akayandikitsa buku kumaso, zilembo zimaoneka bwinobwino. Koma pali vuto lina la maso limene lilibe pothawira potero. Mwini wake akakhala kumbuyo kwa kalasi, zolemba za pa bolodi zimaoneka mwachimbuuzi. Akasendera kutsogolo, zilembo zimakula ndithu, koma m'mphepete mwake mumakhalabe ngati mwapakidwa. Akatsegula buku, nkhani ndi yomweyo. Vutoli dzina lake ndi asitigimatizimu. Dzinali linachokera ku Chigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi "wopanda kadontho". Sungani tanthauzo limeneli, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Ine ndikufuna titenge diso limodzi lokha, tiliyeze ndi manambala, tione pamene pakulakwika, kenako tilikonze ndi galasi. Masamu ake ndi ophweka: kuphatikiza, kuchotsera ndi kugawa basi.

Ntchito ya diso ndi kubweza kadontho kukhala kadontho

Chilichonse chimene mumaona mungachiyerekeze ngati timadontho tambirimbiri. Chilembo cha choko pa bolodi ndi timadontho toyera tondondozana. Kadontho kalikonse kamamwaza kuwala mbali zonse, ndipo gawo lina la kuwalako limalowa m'diso mwanu kudzera pa mwana wa diso, kabowo kakuda kaja. Kuwalako kumalowa kutamwazikana. Ntchito ya diso ndi kukupinda kuti kukakumanenso pa kadontho kamodzi pa retina, kachikopa ka kumbuyo kwa diso komwe kamamva kuwala. Kadontho ka pa bolodi kakabwerera kukhala kadontho pa retina, mumaona bwino. Kakafika katamwazika, mumaona chimbuuzi.

Zopinda kuwala m'diso zilipo ziwiri. Choyamba ndi koniya, kachikopa koonekera ngati galasi komwe kali kutsogolo kwenikweni kwa diso. Chachiwiri ndi lenzi, yomwe ili mkati, kuseri kwa mwana wa diso. Mphamvu yopinda kuwala timaiyeza mu madayoputa, ndipo chizindikiro chake ndi D. Lamulo lake ndi ili: P = 1/f, pamene f ndi mtunda, mu mamita, kuchokera pa lenzi kufika pomwe kuwala kochokera kutali kumakumana. Lenzi ya madayoputa 2 imakumanitsa kuwala pa theka la mita. Diso lonse likapumula lili ndi mphamvu pafupifupi madayoputa 60. Mwa amenewa, pafupifupi 43 ndi a koniya yokha. Ambiri amaganiza kuti lenzi ndiye bwana m'diso, koma ayi, ntchito yaikulu imagwiridwa ndi koniya. N'chifukwa chake koniya ikapotoka pang'ono chabe, kaonedwe konse kamasokonekera.

Koniya yooneka ngati kumbuyo kwa supuni

Tengani mpira wamiyendo wopopedwa bwino. Mukauyendetsa chala kuchokera pamwamba kupita pansi, kapena kuchokera kumanzere kupita kumanja, kupindika kwake ndi chimodzimodzi. Tsopano tengani supuni, muyang'ane kumbuyo kwake. Mukatsata m'litali, kuchokera ku chogwirira kupita kunsonga, yapindika pang'ono. Mukatsata m'lifupi, yapindika kwambiri. Dziyang'anireni nkhope pamenepo, muona kuti yatalika mbali imodzi. Koniya ya munthu wa asitigimatizimu ili ngati supuniyo: ili ndi njira imodzi yopindika kwambiri, ndi njira ina yopindika pang'ono. Kawirikawiri njira ziwirizi zimadutsana ngati mtanda, pa madigiri 90.

Tiyeni tsono titenge diso lathu lija. Tiyerekeze kuti ndi diso lamanja la mtsikana wa Fomu 3. Ku chipatala cha maso kuli makina otchedwa keratomita, omwe amayeza kupindika kwa koniya. Amatipatsa rediyasi ya kupindikako mu mamilimita, ndipo mphamvu yake imapezeka ndi lamulo ili: P = 337.5 / r. Rediyasi ikakhala yaifupi ndiye kuti kupindika ndi kwakukulu, mphamvunso ndi yaikulu.

Pa diso la mtsikanayu, njira yopingasa, yochokera ku mphuno kupita ku khutu, ili ndi rediyasi ya mamilimita 7.85. Tikagawa 337.5 ndi 7.85 tikupeza pafupifupi madayoputa 43. Njira yoimirira, yochokera pa chikope chapamwamba kupita pa chapansi, ili ndi rediyasi ya mamilimita 7.50. Tikagawa 337.5 ndi 7.50 tikupeza madayoputa 45. Kusiyana kwake ndi madayoputa 2. Amenewa ndiye asitigimatizimu wake.

Taonani kuchepa kwa kusiyana kwa marediyasiwo: mamilimita 0.35 okha. Munthu simungakuone ndi maso kusiyana kumeneku. Diso la mtsikanayu silofiira, silituluka misozi, likuoneka labwinobwino. N'chifukwa chake makolo ndi aphunzitsi nthawi zina amangoti mwanayu ndi waulesi pokopera notsi.

Kuti nkhani isachuluke, tinene kuti kutalika kwa diso lake kukugwirizana ndendende ndi njira yopingasa ija ya madayoputa 43. Ndiye kuti njira yopingasa ilibe vuto, koma yoimirira ili ndi mphamvu yopitirira ndi madayoputa 2.

Kadontho kasanduka mzere

Tsopano titsate kuwala kochokera pa kadontho kamodzi ka choko, kutali pa bolodi. Kuwalako kukulowa pa mwana wa diso ngati mtolo wozungulira. Diso liyenera kuufinya mtolowu mbali ziwiri: kuchokera kumanzere ndi kumanja, komanso kuchokera pamwamba ndi pansi.

Njira yoimirira ndi yamphamvu, ndiye imamaliza kufinya kwake msanga, kuwala kusanafike pa retina. Pamalo amenewo mtolo uja waphwatalala pamwamba ndi pansi, koma kumanzere ndi kumanja sunathe kufinyika. Choncho pamenepo pali kamzere kopingasa, osati kadontho. Kuwala sikuima pamenepo, kumapitirira, ndipo kwa pamwamba ndi kwa pansi kumadutsana n'kuyambanso kumwazikana. Pofika pa retina, njira yopingasa yamaliza ntchito yake, mtolo wafinyika bwino kumanzere ndi kumanja, koma pamwamba ndi pansi wamwazikanso. Pa retina pakugwa kamzere koimirira.

Mwaona eti? Diso ili lili ndi malo awiri okumanira kuwala, ndipo pa malo onse awiri pali mzere. Pakati pa mizere iwiriyi pali malo ena pomwe mtolo uja umakhala kabwalo kozungulira, koma nako si kadontho. Palibe pena paliponse m'disomo pomwe kuwala konse kukumana pamodzi. Paja dzina lija limatanthauza "wopanda kadontho". Mtunda wa pakati pa mizere iwiriyi, pa asitigimatizimu wa madayoputa 2, ndi pafupifupi mamilimita 0.7, m'diso lomwe kutalika kwake konse ndi pafupifupi mamilimita 24.

Nanga mtsikanayu akuona chiyani? Kadontho kalikonse kakukokedwa kukwera ndi kutsika. Taganizirani chilembo E. Mzere wake woimirira ndi timadontho tosanjikizana kuchokera pamwamba kufika pansi. Timadontho timeneti tikakokedwa m'mwamba ndi pansi timangogwerana tokhatokha, ndiye mzerewo ukuonekabe wakuthwa. Koma mizere itatu yopingasa ija ikukokedwa kulowa m'mipata ya pakati pake, mpaka mipatayo kutsekeka. Ndiye E amafanana ndi B kapena F, H amafanana ndi N, 3 amafanana ndi 8. Pa phunziro la masamu zimavuta kwambiri, chifukwa chizindikiro cha = chimatha kuoneka ngati mzere umodzi wonenepa.

Titha kuwerengera kukula kwa chimbuuzicho. Kutalika kwa kamzere, monga momwe kakuonekera pa bolodi, kumapezeka pochulukitsa zinthu zitatu: kukula kwa mwana wa diso mu mamita, madayoputa olakwika, ndi mtunda wa ku bolodi mu mamita. M'kalasi mwana wa diso akhoza kukhala mamilimita 4. Ngati mtsikanayu wakhala mamita 6 kuchokera pa bolodi, tikupeza 0.004 × 2 × 6 = 0.048, kutanthauza pafupifupi masentimita 5. Kadontho kamodzi ka choko kakufalikira masentimita 5! Zilembo za aphunzitsi ambiri sizitalika kwambiri kuposa pamenepo.

Lamulo lomweli likutiuzanso chifukwa chake vutoli limakula usiku. Kukada mwana wa diso amatseguka, mwina mpaka mamilimita 6 kapena kupitirira, ndipo chimbuuzi chimakula mofanana. Ndiye nyali za galimoto zimaoneka ngati zamera michira. Masana padzuwa mwana wa diso amachepa, zinthu zimaoneka bwinoko. Likutiuzanso chifukwa chake mtsikanayu amatsinzina pang'ono poyang'ana pa bolodi: zikope zikayandikana zimatchinga kuwala kwa pamwamba ndi pansi, komwe ndi kumene kukumuvutitsa.

N'chifukwa chiyani kusendera sikuthandiza?

Apa ndiye pamtima pa nkhaniyi. Choyamba tione mnzake wa mtsikanayu, yemwe saona patali basi, vuto lotchedwa mayopiya. Tinene kuti diso lake lili ndi mphamvu yopitirira ndi madayoputa 2 mbali zonse. Chinthu chikakhala pafupi, kuwala kwake kumafika pa diso kukumwazikana kwambiri, ndiye diso limafunika mphamvu yowonjezera kuti likukumanitse. Mphamvu yowonjezerayo ndi 1 kugawa ndi mtunda mu mamita. Pa theka la mita pamafunika madayoputa 2 owonjezera. Mnzakeyu ali nawo kale madayoputa 2 otsalawo. Ndiye akaika buku pa masentimita 50, zonse zimagwirizana, akuona bwino kwambiri. Ali ndi mtunda wake umodzi pomwe vuto lake limatha.

Tsopano tibwerere kwa mtsikana wathu, tiyese mitunda itatu diso lake litapumula. Kutali, njira yopingasa ili bwino, yoimirira yapitirira ndi 2. Pa masentimita 50 pakufunika madayoputa 2 owonjezera: njira yoimirira tsopano ili bwino, koma yopingasa yaperewera ndi 2. Chimbuuzi sichinachoke, changotembenuka, timadontho tayamba kukokedwa kumanzere ndi kumanja. Pa mita imodzi pakufunika dayoputa imodzi: yoimirira yapitirira ndi 1, yopingasa yaperewera ndi 1, ndipo pa retina pakugwa kabwalo kaja. Mtunda uliwonse mungasankhe, kusiyana kwa njira ziwirizi kukukhalabe 2. Mtunda umasuntha mizere iwiri ija limodzi, kutsogolo kapena kumbuyo, koma suiphatikiza.

Wina afunsa kuti, nanga lenzi ya m'diso ija siingathandize? Paja lenzi imasintha mphamvu. Mukayang'ana pafupi, kamnofu kozungulira lenzi kamakungika, lenzi imanenepa, mphamvu imakwera. Mwa wachinyamata wa ku sekondale ikhoza kukwera ndi madayoputa pafupifupi 10. Koma imanenepa mofanana mbali zonse. Ikawonjezera 2 ku njira yopingasa, yawonjezeranso 2 ku yoimirira. Kusiyana kuja kuli pomwepo. Powerenga buku pa masentimita 40, mwana wa diso ali mamilimita 3, tikupeza 0.003 × 2 × 0.4 = 0.0024, kutanthauza mamilimita 2.4. Zilembo zing'onozing'ono za m'buku ndi pafupifupi mamilimita 2. Ndiye ngakhale m'buku chimbuuzi chikukula ngati chilembo chenichenicho.

Chotopetsa ndi chakuti ubongo sugonja. Umangolamula kamnofu kaja kukungika ndi kumasuka, kufunafuna malo pomwe chithunzi chikhale chakuthwa, malo omwe kulibe. N'chifukwa chake anthu ambiri a vutoli amadandaula kutopa kwa maso ndi mutu wa pachipumi akawerenga nthawi yaitali.

Galasi wamba, lotchedwa sifiya, nalonso silingathetse vutoli, pa chifukwa chomwecho. Mphamvu yake ndi yofanana mbali zonse. Mukampatsa mtsikanayu galasi la -2.00, njira yoimirira ikhala bwino, yopingasa iperewera ndi 2. Mukampatsa la -1.00, muika kabwalo kaja pa retina, ndipo aona bwinoko pang'ono, koma osati bwino. Chofunika ndi galasi lokondera: lochotsa mphamvu pa njira imodzi, n'kuisiya inayo osaikhudza.

Galasi lokondera: silinda

Galasi lotere mungalione kunyumba lero lomwe. Dzazani madzi m'botolo loonekera losalala, muliimike padzuwa la m'mawa kapena muliunikire ndi tochi muli patali pang'ono, kenako muike pepala loyera kuseri kwake. Mukasendeza pepalalo mupeza malo pomwe kuwala kukumana. Koma sikukumana pa kadontho ngati momwe imachitira lenzi ya mu labu. Kukumana pa mzere woimirira. Chifukwa chake n'chakuti botolo lapindika mozungulira, koma m'litali mwake ndi lowongoka. Likufinya kuwala kuchokera kumanzere ndi kumanja kokha. Kuchokera pamwamba ndi pansi silikuchitapo kanthu.

Imeneyi ndiye lenzi ya silinda. Njira yowongoka ija, ya m'litali mwa botolo, imatchedwa akisisi. Lamulo loyenera kuloweza ndi ili: silinda ilibe mphamvu motsata akisisi yake; mphamvu yake yonse ili pa njira yodutsana ndi akisisi pa madigiri 90. Botolo ndi silinda yotukuka, yowonjezera mphamvu. Palinso silinda yolowa mkati, ngati mkati mwa nsungwi yong'ambidwa pakati, ndipo imeneyi imachotsa mphamvu.

Mtsikana wathu akufunika kuchotsa madayoputa 2 pa njira yoimirira. Ndiye tikufuna silinda ya -2.00 yomwe mphamvu yake ili choimirira. Poti mphamvu imakhala modutsana ndi akisisi, akisisi yake iyenera kugona chopingasa. Akisisi imalembedwa mu madigiri kuyambira 1 mpaka 180, ngati pa pulotirakita: 90 ndi choimirira, 180 ndi chopingasa. Pepala la muyeso wa magalasi ake, pa diso lamanja, lilembedwa motere:

```
     SPH     CYL     AXIS
R    0.00    -2.00   180
```

Tiyeni titsimikize. Njira yopingasa: 43, galasi silikuchotsapo kanthu, yatsala 43. Njira yoimirira: 45 kuchotsera 2, yatsala 43. Njira ziwiri zafanana. Mzere wakutsogolo uja wasunthira kumbuyo mpaka wakumana ndi unzake pa retina, ndipo mizere iwiri yasanduka kadontho kamodzi. Ndipo poti kusiyana kwatha, lenzi ya m'diso tsopano ikhoza kugwira ntchito yake: ikawonjezera mphamvu powerenga buku, njira zonse ziwiri zikufika pa retina limodzi. N'chifukwa chake galasi limodzi lomweli limathandiza pa bolodi ndi m'buku momwe.

Anthu ambiri amakhala ndi mavuto awiri pamodzi. Mukaona pepala lolembedwa SPH -1.00, CYL -2.00, AXIS 180, liwerengeni motere: -1.00 ikugwira ntchito mbali zonse, ndiye njira yopingasa ikulandira -1.00, pamene yoimirira ikulandira -1.00 kuphatikiza -2.00, yomwe ndi -3.00. Magalasi enieni saoneka ngati botolo ayi. Mphamvu ziwirizi amazisema pa galasi limodzi, kawirikawiri kumbuyo kwake, n'kukhala lopindika mosiyana mbali ziwiri monga supuni ija.

Ndiwonjezerepo kuti muyeso womaliza sutengedwa ku keratomita yokha. Kumbuyo kwa koniya ndi lenzi ya mkati nazonso zimakhala ndi kupotoka kwake, ndiye woyeza maso amaika magalasi oyesera pamaso panu, kumawasinthasintha n'kumafunsa kuti labwino ndi liti, loyamba kapena lachiwiri. Munthu woyamba kufotokoza vutoli, Thomas Young wa ku England, m'chaka cha 1801, analipeza m'diso lake lomwe. Iye anamiza koniya yake m'madzi, zomwe zimafafaniza pafupifupi mphamvu yonse ya koniya, koma kusiyana kwa njira ziwiri kunatsalabe. Anazindikira kuti vuto lake linali mu lenzi. Mu 1825, George Airy, katswiri wa masamu ndi zakuthambo ku Cambridge, anafotokoza za galasi la silinda lomwe anapangitsa kuti likonze diso lake.

Akisisi ikaphonya

Galasi la sifiya mukhoza kulizunguza mu felemu momwe mungafunire, palibe chisinthe. La silinda ayi. Likapendekeka, limachotsa mphamvu pa njira yolakwika. Asitigimatizimu wotsala amapezeka ndi lamulo ili: 2 × C × sin θ, pamene C ndi mphamvu ya silinda ndipo θ ndi madigiri amene akisisi yaphonya.

Tiyese pa mtsikana wathu. Akisisi ikaphonya ndi madigiri 10, sin 10° ndi pafupifupi 0.17, ndiye tikupeza pafupifupi madayoputa 0.7. Gawo limodzi mwa atatu a vuto lija labwerera. Ikaphonya ndi madigiri 30, sin 30° ndi 0.5, tikupeza madayoputa 2, chimodzimodzi ngati sanavale magalasi. Ikaphonya ndi madigiri 90, tikupeza madayoputa 4: galasi lachulukitsa vuto kawiri.

Apa pali phunziro la tsiku ndi tsiku. Mukakhalira magalasi anu, felemu n'kupindika, mbali imodzi kukwera inayo kutsika, akisisi yasuntha, ndipo ndi bwino kukawongoletsa. Galasi likagwa mu felemu yozungulira, wina n'kulibwezera mongoganizira, likhoza kulowa litatembenuka. Kubwereka magalasi a mnzanu nakonso sikuthandiza, ngakhale nonse muli ndi CYL -2.00, ngati wina ali pa 180 wina pa 20. Ndipo magalasi owerengera ogulitsidwa pamsika aja, olembedwa +1.50 kapena +2.00, ndi a sifiya okhaokha, mulibe silinda.

Mungadziwe bwanji ngati magalasi ali ndi silinda? Agwireni patali pang'ono ndi nkhope, muyang'ane m'mphepete mwa chitseko kudzera pa galasi limodzi, kenako muwazunguze pang'onopang'ono ngati chiwongolero cha galimoto. Ngati ndi sifiya yokha, mzere wa chitseko sugwedezeka. Ngati muli silinda, gawo la mzere lomwe likuonekera m'galasi limapendekeka uku ndi uku ngati sizasi ikutseguka.

Munthu akavala magalasi a silinda koyamba, pansi pamatha kuoneka potsetsereka, zitseko ngati zapendama. Sikuti magalasiwo ndi olakwika. Silinda imasintha kukula kwa chithunzi pang'ono mbali imodzi yokha, ndipo ubongo unazolowera chithunzi chakale. Kwa ambiri zimenezi zimatha pakapita masiku angapo kapena masabata awiri akuwavala mosalekeza. Zikapitirira pamenepo, bwererani kukayezetsa, chifukwa mwina akisisi inaphonya podula galasi.

Pomwe silinda imalephera

Zonse zimene tanenazi zikudalira chinthu chimodzi: kuti koniya ili ndi njira ziwiri zadongosolo, zodutsana pa madigiri 90. Koniya ikakhala ndi chipsera, chochokera ku bala kapena chilonda cha m'diso, imakhala ndi mabampu, malo aliwonse kupinda kuwala mwa njira yakeyake. Palibe silinda imodzi ingakonze zimenezo.

Palinso nthenda yotchedwa keratokonasi, yomwe ndikufuna muidziwe chifukwa imakonda kuyamba pa msinkhu wanu womwewu. Koniya imapyapyala n'kuyamba kutukuka ngati nsonga. Chizindikiro chake n'chakuti nambala ya CYL imakwera ndipo akisisi imasintha pa nthawi yochepa, magalasi atsopano amasiya kuthandiza msanga, ndipo ngakhale galasi labwino kwambiri silichotsa chimbuuzi chonse. Nthendayi imayendera limodzi ndi chizolowezi chotikita maso mwamphamvu, makamaka mwa ana omwe maso awo amayabwa kawirikawiri. Ngati maso akuyabwa, pitani kuchipatala akakupatseni mankhwala, musamatikite. Pa koniya yotere chimene chimathandiza ndi lenzi yolimba yovala pa diso penipeni. Misozi imadzaza mpata wa pakati pa lenziyo ndi koniya, ndipo kuwala kumakumana ndi kutsogolo kosalala kwa lenziyo m'malo mwa mabampu aja.

Malire ena ali mu ubongo. Ubongo umaphunzira kuona m'zaka zoyambirira za moyo, mpaka pafupifupi zaka 7 kapena 8. Mwana wa asitigimatizimu wamkulu akakula osavala magalasi, ubongo wake sulandira chithunzi chakuthwa cha mizere ya mbali imodzi, ndipo ukhoza kusaphunzira kuiona bwino. Akadzavala magalasi atakula, zinthu zimasintha ndithu, koma mwina osafika pomwe zikanafika. Ndiye ngati muli ndi mng'ono wanu amene amatsinzina kapena kupendeketsa mutu poyang'ana zinthu, uzani makolo msanga.

Yesani nokha

Tengani pepala loyera, mujambule ndi rula mizere 6 yakuda yodutsana pakati, yotalikirana madigiri 30, ngati masipokosi a njinga. Mizere yonse ikhale yofanana kunenepa, ya cholembera chimodzi. Matani pepalalo pa khoma pamalo owala, mubwerere m'mbuyo mamita 2 kapena 3. Phimbani diso limodzi ndi chikhatho osalifinya, muyang'ane pakati. Ngati mizere yonse ikuoneka yakuda mofanana, palibe asitigimatizimu wodetsa nkhawa. Ngati mzere umodzi ukuoneka wakuda ndi wakuthwa, koma wodutsana nawo ukuoneka wotuwa, pendeketsani mutu wanu mbali imodzi. Mzere wakuthwawo ukasintha motsatira mutu, ndiye kuti kusiyanako kuli m'diso, osati pa pepala. Yesaninso diso linalo, chifukwa maso awiri kawirikawiri sakhala ndi muyeso wofanana.

Kenako boolani kabowo ka milimita imodzi pa katoni ndi singano, musuzumire pepala lija kudzera pamenepo. Kabowoko kakugwira ntchito ngati mwana wa diso wamng'ono kwambiri, ndipo malinga ndi lamulo lathu lochulukitsa lija, chimbuuzi chiyenera kuchepa. Mizere ikafanana mukasuzumira pa kabowo, ndi chizindikiro chabwino chakuti vuto lili pa kapindidwe ka kuwala, ndipo magalasi akhoza kuthandiza. Ikapanda kusintha, mwina vuto ndi lina, ndipo m'pofunika kwambiri kuonana ndi achipatala. Anthu ambiri ali ndi asitigimatizimu wochepa, wa theka la dayoputa kapena kucheperapo, ndipo safunika magalasi. Koma kuyesa kwa panyumbaku sikungakupatseni nambala ya CYL kapena ya AXIS. Manambala amenewo amapezeka pa mpando wa woyeza maso, ku chipatala cha boma chanu kapena ku zipatala za maso monga za ku Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Nkhoma. Mukapita, pemphani kuti akulembereni muyeso wanu pa pepala, ndipo muwerengere nokha mphamvu ya njira iliyonse monga tachitira pa diso la mtsikana uja.